Tinajambula msonkhano wa komiti ya ukwati, nanga titulutsamo bwanji mndandanda wa wolipira chakuti?

Nangozo: Mwaswera bwanji nonse. Ndithandizeni nzeru. Komiti ya ukwati wa m'bale wathu inakumana Lamlungu pa Zoom chifukwa ena ali ku Lilongwe, ena ku Blantyre, ndipo malume mmodzi ali ku Joni. Tinalipo anthu 14, akuchimuna ndi akuchikazi omwe. Zoom yaulere ija imadula pakatha mphindi 40, ndiye tinalowa katatu, moti ndili ndi mafayilo atatu, onse pamodzi ola limodzi ndi mphindi 50. Apampando akuti pofika Lachisanu ndikhale nditatulutsa bajeti yoonetsa kuti chakuti alipira ndi uje. Ndamvera fayilo yoyamba kawiri, koma papepala pangodzaza manambala opanda eni ake. Ndiyambire pati?

Chiko: Lembani kaye zonse zimene zinayankhulidwa, liwu ndi liwu. Mukatero mudzangowerenga n'kumatola manambala.

Bambo a Yamikani: Ayi a Chiko, imeneyo ndi ntchito ya sabata yathunthu. Kulemba liwu ndi liwu mawu a ola limodzi, anthu akuyankhulirana pamwamba, kumadya maola ambiri, ndipo theka la zolembazo likhala malonje ndi zoti "mukundimva?" Chofunika kulemba liwu ndi liwu ndi chiganizo chokhacho chimene munthu akudzimanga nacho pa ndalama. Pamenepo mwanena zoona, osasintha ngakhale liwu limodzi. Zina zonse n'zongodutsa.

A Nangozo, mverani katatu, ndipo ulendo uliwonse ukhale ndi ntchito yakeyake. Chakusokonezani ndi choti mukufuna kugwira chinthu, mtengo ndi wolipira nthawi imodzi, pamene anthu pa msonkhano sayankhula motero. Mtengo wa holo umatchulidwa pa mphindi yachisanu, woti alipire amatulukira patapita ola.

Ulendo woyamba musaime paliponse. Lembani mapu chabe: fayilo yake, mphindi yake, ndi nkhani imene yayambika. Mwachitsanzo 1/06:20 holo, 1/18:05 chakudya, 2/03:40 keke, 3/11:15 holo kachiwiri. Nambala yoyambayo ndi ya fayilo, chifukwa fayilo iliyonse imayambanso kuwerenga pa ziro, ndipo mukangolemba kuti 11:15 simudzadziwa kuti ndi ya iti. Pa ulendo umenewu mutha kuthamangitsa mawu pang'ono, 1.5x imamveka bwino.

Ulendo wachiwiri muzitsata nkhani, osati nthawi. Tengani holo, mverani malo onse amene yatchulidwa motsatizana, kenako mupite pa keke. Apa bwezerani liwiro pa 1x, valani zomverera m'makutu, ndipo lembani mitengo yokha. Ulendo wachitatu ndi wa malonjezo: ndani wanena, wanena chiyani kwenikweni, ndipo wina anavomera kapena panangoti zii.

Nangozo: Mawu a anthu akuchikazi ena sindikuwazindikira. Azakhali awiri amayankhula mofanana kwambiri.

Chiko: Ngati munajambulira pa laputopu, onani mu foda ya Zoom imene imakhala mu Documents. Kupatula fayilo ya mawu ya m4a, mumakhalanso ya kanema ya mp4, ndipo pa kanemapo dzina la amene akuyankhula limaoneka. Mverani pa kanema, osati pa mawu okha.

Mayi a Thoko: Dzina loonekalo musalikhulupirire kwambiri. Pa misonkhano ya ukwati anthu atatu amazinga foni imodzi, dzina n'kumaoneka la mwana wa pa nyumbapo. Pamene mwakaika, dulani nkhani, lembani mphindiyo, mufunse mlembi kapena wapampando wa kuchikazi kuti amvere pamalo pomwepo. Iwo mawu a abale awo amawadziwa. Koma mungowamvetsera kachigawo kameneko. Fayilo yonse musaiponye pa gulu, chifukwa pa msonkhano wotere sipalephera mawu otayika onena za mbali inzake, makamaka pamene ena anali asanalowenso Zoom itadula.

Bambo a Yamikani: Tiponyereni malo angapo amene akukuvutani, monga mmene anayankhulira, maina muchotse. Tiwagwire limodzi.

Nangozo: Awa ndi amene ndaima nawo.

Holo, 1/06:20. Mkwati akuti, "Holo ndi nayini handiredi, ndinapereka kale firii handiredi." Apampando akuchimuna akuti, "Yotsalayo kuchimuna tiona." Kenako 3/11:15 bambo aang'ono a mkwati akuti, "Pa holo paja ine ndiikapo folo handiredi kutha kwa mwezi."

Keke, 2/03:40. Mtengo firii fifite. Azakhali a mkwatibwi akuti, "Keke nditenga ine."

Zokongoletsa, 2/14:30. Wina akuti seveni fifite. Wina akuti tikachotsa nsalu zovekera mipando zitsika kufika sikisi handiredi. Akukangana, kenako Zoom ikudula. Pa fayilo yachitatu nkhaniyo sinabwerenso.

Nkhuku, 1/24:10. Zikufunika 40. Malume a mkwatibwi akuti, "Twente faifi zituluka m'khola mwanga."

Mafuta a jenereta, 3/20:50. Mlongo wa mkwatibwi akuti alipira, koma sindikumva ngati akuti fifitini kapena fifite.

Malume a ku Joni, 3/27:00. "Ine nditumiza firii sauzande."

Atsikana a Zokongoletsa: Seveni fifite yachuluka imeneyo, holo yake ndi yaikulu bwanji? Alendo angati? Pali ena amachita ndi mtengo wabwino, mipando ndi tebulo la akwati zonse.

Mayi a Thoko: Achemwali, pano sitikufuna wokongoletsa, tikufuna kulemba zimene komiti inagwirizana. Mlembi alibe mphamvu yosintha mtengo, ngakhale ataudziwa wotsika.

Atsikana a Zokongoletsa: Pepani, ndinawerenga mothamanga. Komabe pa mtengo wa zokongoletsa mufunse ngati mayendedwe onyamulira katundu alimo. Ambiri timatchula mtengo wa katundu ndi ntchito, galimoto yopita ndi yobwerera ndi ya eni ukwati.

Bambo a Yamikani: Mwathandiza pamenepo, tidzapabwerera. Tiyambe ndi holo, chifukwa ikuphunzitsa zonse.

Mu nkhani ya holoyi muli mawu atatu ndipo kulemera kwake n'kosiyana. K300,000 ya mkwati ndi ndalama yolipiridwa kale, ndipo umboni wake si mawu ojambulidwa koma lisiti, choncho mupemphe chithunzi chake. K400,000 ya bambo aang'ono ndi lonjezo lenileni, popeza lili ndi zinthu zinayi: munthu wodziwika, ndalama yotchulidwa, chinthu chimene akulipira, ndi nthawi. Koma "kuchimuna tiona" si lonjezo. Mulibemo munthu, mulibemo ndalama, mulibemo tsiku. Mukalemba kuti "holo, kuchimuna, K900,000" bajeti ioneka yodzaza, pamene K200,000 ilibe mwini. Aliyense wa kuchimuna adzaganiza kuti mnzake ndiye akuona, mpaka eni holo adzakuimbireni kutatsala sabata.

Ndiye holo imodziyo imabala mizere itatu: mkwati K300,000 walipira, bambo aang'ono K400,000 atsimikiza, ndipo K200,000 palibe mwini, mbali imene inati iona ndi kuchimuna. Apa mpamene anthu ambiri amaphonya. Amalemba mzere umodzi pa chinthu chimodzi, ndiye zinthu zogawana sizikwanamo.

Chinanso, chenjerani ndi chiyankhulo chathu chomwe. Timakonda kunena kuti "zidzagulidwa", "ipezeka", "tithandizana", "ndiikapo kangachepe". Onsewa ndi mawu aulemu ndipo pa msonkhano amamveka ngati nkhani yatha, koma wogula sanatchulidwe. Liwu lakuti "ife" nalonso limaterera. Likatuluka m'kamwa mwa azakhali litha kutanthauza iwo ndi amuna awo, kapena ana a mimba imodzi, kapena mbali yonse ya kuchikazi. Mukalimva, lembani chiganizocho mmene chilili, ndi chizindikiro choti akafunsidwe.

Mayi a Thoko: Pa keke paja ndiye pali msampha woonekeratu. "Nditenga ine" ali ndi matanthauzo atatu. Atha kukhala kuti alipira K350,000 yonse. Atha kukhala kuti ndi iwo ayankhule ndi wophika keke, asankhe maonekedwe, ndalama ichoke m'thumba la komiti. Athanso kukhala kuti ali ndi galimoto, akaitenga m'mawa wa tsikulo kupita nayo ku holo. Mverani mphindi ziwiri za m'mbuyo mwake. Ngati apampando anafunsa kuti "ndani alipira keke?" yankho ndi loyambalo. Ngati ankagawa ntchito za tsikulo, ndi lachitatu.

Nangozo: Ndamveranso. Apampando anati, "Nanga za keke zili ndi ndani?"

Mayi a Thoko: Ndiye funso lenilenilo ndi limene linali lopanda mutu. Musalembe kuti alipira. Ichi n'chifukwa chake mndandanda umafunika madanga awiri osiyana, la wolipira ndi la woyendetsa. Pa dzina la azakhali lembani kuti ndi woyendetsa, pa wolipira akafunsidwe. Mukawalemba ngati olipira n'kuponya pa gulu, mwawachititsa manyazi: akana pagulu aoneke oumira, kapena akhala chete koma ndalama osabwera. Chachiwirichi ndiye chimachitika kawirikawiri.

Nkhoswe wa ku Ntcheu: Ndilowepo pang'ono ana anga. A Nangozo, ngati inu muli kuchimuna, musaimbire azakhali a mkwatibwi n'kuwafunsa kuti "kodi mulipira?" Sizikhala bwino. Funso lipite kwa wapampando kapena msungichuma wa kuchikazi, iwo akafunse mwa ulemu wa kwawo. Likakhala lokhudza makolo enieni kapena malume aakulu, lidzere kwa ankhoswe. Yankho likabwera mulilembe, ndi dzina la amene walibweretsa.

Komanso musadzaze mipata ndi mwambo. Ena adzakuuzani kuti diresi la mkwatibwi nthawi zonse amagula ndi akuchimuna, kapena kuti chakudya ndi cha kuchikazi. Mabanja amasiyana. Kumene amapereka lobola, monga kumpoto ndi kuchigwa cha Shire, kawerengedwe ka amene wachita kale zambiri sikafanana ndi ka kwathu kwa chikamwini. Ukwati ukakhala wa mitundu iwiri, mbali iliyonse imabwera ndi zimene ikuyesa kuti n'zodziwikiratu, ndipo n'chifukwa chake sazitchula pa msonkhano. Chimene sichinanenedwe chilembedwe kuti sichinanenedwe.

Chiko: Koma zopanda mwinizo bwanji osangozigawa pakati, theka kuchimuna theka kuchikazi? Makomiti ambiri amatero.

Nkhoswe wa ku Ntcheu: Amatero akagwirizana. Komiti ikanena pa msonkhano wotsatira kuti tigawe pakati, mlembi alembe. Koma mlembi akagawa yekha, wapereka ngongole kwa anthu amene sanavomere.

Bambo a Yamikani: Tipitirire ndi zokongoletsa. Lamulo lachizolowezi ndi loti nambala yomaliza kutchulidwa ndiyo imagwira, koma limagwira pokhapokha wina atatseka nkhani, monga apampando kunena kuti "chabwino, tatenga imeneyo" anthu n'kuvomera. Apa palibe anatseka, inatseka ndi Zoom. Choncho K600,000 ndi ganizo chabe. Mu bajeti ikani K750,000, mtengo waukuluwo, ndipo pambali mulembe kuti itha kutsika ndi K150,000 komiti ikachotsa nsalu za mipando. Mukaika wotsikawo, komiti n'kudzasankha nsalu, mwabisa dzenje.

Muonenso malire a mafayilo. Nkhani imene inali mkati pamene Zoom inadula nthawi zambiri imafera pomwepo, popeza polowanso anthu amayamba ndi kudikirana, apampando n'kupita pa mutu wotsatira. Mverani mphindi zitatu zomaliza za fayilo yoyamba ndi yachiwiri mwapadera. Komanso n'kutheka kuti polowa kachitatu kujambula kunayamba mochedwa, ndipo zokongoletsa zinamalizidwa kujambula kusanayambe. Funsani apampando musanalembe kuti sizinamalizidwe.

Pa fifitini ndi fifite musavutike ndi kubwereza kakhumi, pa intaneti yodukaduka kumapeto kwa liwu ndi kumene kumayamba kutayika. Yesani ndi nzeru. Funsani mwini jenereta kuti imamwa malita angati pa ola ikanyamula zokuzira mawu, muchulukitse ndi maola a madyerero, kenako ndi mtengo wa lita pa pampu. Yankho lidzayandikira imodzi mwa nambala ziwirizo. Komabe mwini lonjezo atsimikize polemba manambala, chifukwa n'zotheka mafuta ofunika ndi a K50,000 koma iye analonjeza K15,000.

Nangozo: Ndawalembera kudzera kwa msungichuma wawo. Ayankha kuti K50,000.

Achimwene a ku Joni: Za malume akuno musalembe K3,000, komanso musalembe K3,000,000. Munthu wokhala kuno akati "firii sauzande" nthawi zambiri akunena marandi. Onani mmene msonkhano wonse unkayankhulira: a kumudzi akati "nayini handiredi" akutanthauza K900,000, amadula masauzande, ndipo akafika pa miliyoni ena amati mita. Wa kuno sanadule kanthu, wangosiya kutchula mtundu wa ndalama. Ndiye pa msonkhano umodzi muli mawerengedwe awiri.

Lembani R3,000 pa danga lakelake, musaisandutse makwacha mu zophatikiza mpaka itafika. Mtengo wosinthira wa ku banki ndi wa otumiza ndalama sufanana, otumizawo amadulanso yawo, ndipo kwacha imatha kusuntha pakati pa tsiku la lonjezo ndi tsiku la ukwati. Mukukumbukira Novembala 2023 pamene inagwetsedwa ndi 44 pa 100 iliyonse tsiku limodzi. Ikafika pa Airtel Money kapena Mpamba ya msungichuma, nambala ya pa uthenga ija ndiyo mulembe.

Chinanso, malumewo sananene kuti ndi ya chiyani. Musaikankhire pa holo pofuna kutseka K200,000 ija. Ikhale m'thumba la komiti mpaka komiti inene kopita.

Chiko: Ndalama yakunja ikafika mochedwa imakhala yambiri m'makwacha, ndiye palibe vuto kudikira.

Achimwene a ku Joni: Mitengo ya pa msika nayo imakhala itakwera a Chiko, ndipo eni holo sadikira. Afunseni tsiku.

Mayi a Thoko: Nkhuku ndiziyankhe ine. Choyamba, 40 ija itsimikizeni. Nkhuku yoyera yaikulu bwino imatuluka nthuli 8, ndiye alendo 300 pa nthuli imodzi aliyense ndi nkhuku 38, kuonjezera ziwiri za ophika ndi operekera, 40 yakwana. Koma za m'khola mwa malume zikakhala zachikuda, zimakhala zazing'ono ndipo nthuli zooneka m'mbale sizikwana 8. Funsani mtundu wake. Zikakhala zachikuda, 25 zija zitha kugwira ntchito ya nkhuku zosakwana 20.

Chachiwiri, katundu woperekedwa apatsidwe mtengo, koma asasakanizidwe ndi ndalama. Tinene kuti komiti inatenga K9,000 pa nkhuku imodzi. Nkhuku 40 ndi K360,000. Za malume 25 ndi K225,000, mulembe pa dzina lawo ndi chizindikiro choti ndi katundu. Zotsala 15 ndi K135,000 ndipo zilibe mwini. Chifukwa choikira mtengo ndi chakuti malumewo aoneke kuti apereka, komanso chitopa chikalowa m'khola mwawo mudziwe msanga ndalama imene ikufunika. Chifukwa chosasakanizira ndi chakuti msungichuma asayembekeze K225,000 m'manja mwake.

Chachitatu, nkhuku zamoyo zimabwera ndi ntchito imene palibe anaitchula: kuzinyamula kuchokera kumudzi, kupha ndi kusosola dzulo lake, nkhuni zotenthetsera madzi, ndi firiji yogonekamo magetsi atazima. Umu ndi mmene zilili ndi zina zonse za chakudya. Woti "mpunga ndi wanga" afunsidwe makilogalamu. Kilogalamu imodzi imadyetsa anthu 8 mpaka 10 pakakhala zakudya zina, ndiye alendo 300 thumba la makilogalamu 50 likwana n'kutsalako. Woti agula zakumwa afunsidwe ngati makireti ndi mabotolo opanda kanthu alipo, popeza popanda zimenezo ogulitsa amafuna chikole.

Bambo a Yamikani: Tsopano tiphatikize zisanu zimene zili ndi mtengo, muone mmene zikuonekera. Holo K900,000, keke K350,000, zokongoletsa K750,000, nkhuku K360,000, mafuta a jenereta K50,000. Zonse ndi K2,410,000.

Yolipiridwa kale ndi K300,000. Zotsimikizika ndi K400,000 ya holo, K50,000 ya mafuta ndi nkhuku za K225,000, pamodzi K675,000. Yokaikitsa ndi K350,000 ya keke. Zopanda mwini ndi K200,000 ya holo, K750,000 ya zokongoletsa ndi K135,000 ya nkhuku, pamodzi K1,085,000. Mukaphatikiza magulu anayiwa mubwerere pa K2,410,000. Mukapanda kubwererapo, pali mzere umene mwaulemba kawiri kapena mwaudumpha, ndipo kawirikawiri ndi lonjezo limene munthu analinena pa fayilo yoyamba n'kulibwereza pa yachitatu.

Anthu anatuluka pa msonkhano uja akuganiza kuti chatsala ndi zokongoletsa zokha. Pepala likuonetsa kuti pa zisanuzi, ndalama imene ili ndi dzina lotsimikizika ndi K975,000, yosakwana theka.

Chiko: Pa Excel kapena Google Sheets pangani masamba awiri. Loyamba mulitche Zogula: danga A nambala ya chinthu, B dzina lake, C mtengo, D zolipiridwa, E zotsimikizika, F zotsala, G woyendetsa. Lachiwiri mulitche Malonjezo, mzere umodzi pa lonjezo limodzi: A nambala ya chinthu, B wolipira, C mbali, D ndalama, E ndalama kapena katundu, F pamene zafika, G tsiku, H mphindi ya pa fayilo, I mawu ake enieni. Pa F muzilemba amodzi mwa mawu atatu okha, walipira, watsimikiza, akafunsidwe. Ndiye pa Zogula, mu D2, E2 ndi F2 motsatizana:

```
=SUMIFS(Malonjezo!D:D,Malonjezo!A:A,A2,Malonjezo!F:F,"walipira")
=SUMIFS(Malonjezo!D:D,Malonjezo!A:A,A2,Malonjezo!F:F,"watsimikiza")
=C2-D2-E2
```

Kokerani pansi. Za akafunsidwe sizilowa dala, zimakhalabe mu zotsala mpaka yankho libwere.

Nangozo: Ndapanga, koma pa holo ikundipatsa 0 pamene ndalemba K300,000.

Chiko: Chotsani K uja, lembani 300000 basi. Mukayamba ndi chilembo, makina amaona ngati ndi mawu ndipo sawerengera. Mudzadziwira poti mawu amakhala kumanzere kwa kabokosi, manambala amakhala kumanja. Ikapitirira kupereka 0, onani ngati mwasiya kampata pambuyo pa liwu lakuti walipira, chifukwa kampata kamodzi kamakwanira kuti lisafanane. Marandi aja musawaike pa D, alembeni pa danga lina kumapeto.

Mayi a Thoko: Wopanda laputopu asade nkhawa, kope la masamu limagwira ntchito yomweyi. Tsamba lakumanzere zogula, lakumanja malonjezo, nambala ya chinthu ndiyo imalumikiza.

Atsikana a Zokongoletsa: Pa danga la tsiku paja pakhale masiku awiri. Tsiku limene wolonjeza wati apereka, ndi tsiku limene wogulitsa akufuna ndalama. Okongoletsa ndi ojambula zithunzi sasunga tsiku popanda dipoziti, makamaka Loweruka la kumapeto kwa mwezi m'chilimwe pamene maukwati amachuluka. Bambo aang'ono akuti kutha kwa mwezi, nanga eni holo anati yotsala ifike liti? Lonjezo likafika pa 30 pamene holo ikufunika pa 20, papepala zioneka zokwana koma holo ipita kwa ena.

Bambo a Yamikani: Ndendende. Ndipo pansi pa mndandanda pakhale kagawo ka zimene sizinatchulidwe konse, opanda mitengo, ngati mafunso chabe. Mayendedwe a zokongoletsa aja, nkhuni, chikole cha zowonongeka ku holo ngati amafuna, zoyeretsa holo mwambo ukatha, chakudya cha owerenga ndalama ndi ojambula, ndalama zing'onozing'ono zosinthira pa perekaniperekani, ndi ndalama yodulidwa pochotsa kwa ejenti. Yomalizayi imadya msungichuma mwakachetechete: wina atumiza K50,000 yeniyeni, pochotsa ichepa, bajeti n'kumanenabe K50,000. Komiti inene ngati wotumiza aziikapo yochotsera kapena pakhale mzere wake. Ngati pa msonkhano womwewo munakambanso za chinkhoswe kapena sendofu, zimenezo zikhale pa tsamba lina, popeza ena analonjeza za mwambo umodzi wokha.

Nangozo: Pali china ndinaiwala. Pa 3/33:10 wina anati ndalama yotsala ya wojambula "idzachoka pa perekaniperekani". Anthu angapo anavomera. Ndilembe kuti wolipira ndi perekaniperekani?

Bambo a Yamikani: Ine ndingalembe kuti palibe mwini. Perekaniperekani si munthu, sadziwika kuti abweretsa zingati, ndipo mvula kapena maliro a pafupi zitha kuchepetsa anthu m'holo. Komanso ndalama imeneyo ndi ya akwati yoyambira banja. Kuilemba ngati yolipira ndi kunena kuti akwati alowa m'banja ndi ngongole imene sanaivomere.

Mayi a Thoko: Apa sindikugwirizana nanu Bambo. Mlembi alembe zimene komiti inagwirizana, mwanena nokha. Anthu anavomera, ndipo ojambula ambiri amalandira yotsala pobweretsa zithunzi, ukwati utatha. Si ndalama yofunika tsikulo lisanafike ngati ya holo. Ilembedwe pa dzina la akwati, ndi mawu oti ichoka pa perekaniperekani.

Nkhoswe wa ku Ntcheu: Nanga mwa ovomerawo munali mkwati ndi mkwatibwi? Mverani pamenepo. Ngati eni ake anavomera ndi pakamwa pawo, Mayi a Thoko akhoza. Ngati anakhala chete, chete wa mwana pamaso pa akuluakulu si kuvomera.

Nangozo: Mkwati akumveka akuti "chabwino". Mkwatibwi anali atatuluka, foni inathima.

Bambo a Yamikani: Ndiye ikani akafunsidwe, awiriwo akambirane paokha. Koma maganizo anga sanasinthe.

Achimwene a ku Joni: Potumiza musayambe ndi gulu lonse. Aliyense wolonjeza alandire mzere wake yekha, mwachitsanzo: "Bambo, pa msonkhano wa Lamlungu tinalemba kuti muikapo K400,000 pa holo pofika kutha kwa mwezi. Ngati zili choncho mutiyankhe kuti inde, ngati tinamva molakwa mutikonze." Yankho lake ndilo limasuntha mzere kuchoka pa mawu a msonkhano kukhala lonjezo la munthu. Mawu ojambulidwa aja asakhale chikwapu. Wina akati "sindinanene choncho", musamuponyere kachidutswa pa gulu, ingolembani chimene akunena tsopano n'kudziwitsa wapampando wa mbali yake.

Kenako apampando awiri aone, ndiye gulu lilandire. Tumizani ngati PDF kapena chithunzi, chokhala ndi tsiku pamwamba, kuti pasakhale mafayilo anayi osinthidwa ndi anthu anayi. Danga la mawu enieni ndi la mphindi muwachotse pa chopita pa gulu, akhale kwa mlembi ndi msungichuma.

Chiko: Muikenso pansi kuti kuchimuna zonse zakwana zingati, kuchikazi zingati. Ndi fomula imodzi yokha.

Nkhoswe wa ku Ntcheu: Imeneyo muonetse apampando awiri okha. Pa gulu idzayambitsa mpikisano, ndipo nambala siiona amayi amene adzagone ku khitchini masiku awiri.

Chiko: Koma mbali ina ikapanda kuona kuti yatsalira sidzasuntha, Agogo.

Nkhoswe wa ku Ntcheu: Wapampando wawo adzawasuntha, ndiyo ntchito yake.

Nangozo: Ndatumiza mauthenga 9, ayankha 6. Msungichuma wa kuchikazi wabweza za keke: azakhali akuti alipira theka, K175,000, ndipo akaitenga okha m'mawa wa tsikulo. Ndiye zopanda mwini pa zisanu zija zakwera kufika K1,260,000. Apampando akuti zokongoletsa sizinamalizidwedi, zikhala zoyamba Lamlungu likubwerali. Nanga atatu osayankhawa ndiwasiye pa watsimikiza, popeza pa mawu akumveka bwinobwino?

Bambo a Yamikani: Abwezereni pa akafunsidwe mpaka Lachisanu m'mawa. Akakhalabe chete, maina awo apite kwa apampando, osati pa gulu. Ndipo Lamlungu muwapemphe apampando kuti nkhani iliyonse asanaichoke, inu muwerenge mokweza chinthu, ndalama, dzina ndi tsiku, mwini wake ayankhe. Muikenso alamu pa mphindi 35, kuti Zoom isanadule nkhani ili mkatiyo itsekedwe.